Mphaka Wodyera Anzake

Mphaka wakuba chakudya cha anzake musamukwapule, chifukwa chokhacho chimene angaphunzire ndi kuba inu mutatembenuka. Vuto lili pa mbale imodzi. Galu amadya pagulu, koma mphaka mwachibadwa amasaka yekha n'kudya yekha, pang'onopang'ono kangapo pa tsiku. Tinene kuti muli ndi amphaka atatu, wina wamphongo wonenepa amene amameza usipa wake osatafuna n'kukakankha kamphaka kokalamba. Aliyense akhale ndi mbale yake, ndipo kuzitalikitsa kokha sikukwanira: asaonane pakudya, pakuti wamantha amasiya chakudya akangoyang'anitsitsidwa, ngakhale popanda ndewu. Wakubayo mutsekereni m'chipinda ndi gawo lake, mulimwaze pa thireyi kuti azitola kamodzikamodzi, ndipo pakatha mphindi 20 chotsani mbale zonse musanamutsegulire. Woberedwayo muzimusisita m'nthiti sabata iliyonse, popeza ubweya umabisa kuwonda; mafupa a msana akayamba kubaya dzanja, ndiye kuti sakukhuta. Koma wakubayo akamadya kwambiri chonsecho akuwonda, limenelo si dyera ayi. Zikhoza kukhala njoka za m'mimba kapena matenda a shuga, ndipo pamenepo pafunika dokotala wa ziweto.

— Mlembi wa Danga la Ziweto