Mungakane Kusainira Nkhongole Ubale Osatha

Nyengo yogula feteleza ikayandikira, ambiri a inu mudzapemphedwa kusainira m'bale kapena mnansi amene afuna nkhongole. Ine ndikuti mlimi amene sangathe kubweza yekha ndalama yonseyo ayenera kukana, ndipo akane mwaulemu.

Woimira wina pa nkhongole si mboni. Mboni imangotsimikiza kuti inaona anthu akupangana, pamene woimira amalonjeza kuti wokongola akalephera, adzalipira ndi iyeyo. Tinene kuti amalume anu akongola K10,000 ya mbewu ndi feteleza, ndipo pamodzi ndi ciwongoladzanja ayenera kubweza K13,000 atakolola. Ngati thumba la cimanga la makilogalamu 50 ligulidwa K330, nkhongoleyo ikwana matumba pafupifupi 40. Amalume akalephera, matumbawo adzacokera m'nkhokwe yanu, ndipo akapereŵera mungagulitse ng'ombe zolimira.

Ngozi yaikulu siili pa khalidwe la wokongola. Inu ndi amalume mumadalira mvula imodzi. Cilala ca nyengo ya 2023/2024, cimene boma linalengeza kuti ndi tsoka la dziko mu Febuluwale 2024, cinaumitsa minda ya akhama ndi ya aulesi yomwe. Caka cimene amalume adzalephera kubweza ndico caka cimene inunso mudzakhala mulibe cogulitsa.

Mfundo imeneyi ndiyo ikupatsani mau okanira popanda kuneneza munthu. Muyankhe msanga, muli aŵiri, kuti apeze nthawi yofuna njira ina. Munganene kuti: “Amalume, zikomo pondidalira. Sindikayika kuti mufuna kubweza. Koma mvula ikavuta, K13,000 ine sindingaipeze, ndipo mabanja onse aŵiri adzagwa m'njala. Ndi bwino nkhokwe imodzi ipulumuke kuti tidzakhale ndi pothaŵira. Pepani, sindisaina.” Musakumbutse nkhongole zawo zakale, ndipo musaname kuti akazi anu kapena amuna anu ndiwo akuletsani, cifukwa bodzalo lingadanitse anthu osalakwa.

Ena adzati m'bale satayidwa pa mavuto, ndipo anena zoona. N'cifukwa cake kukana kuyenera kutsagana ndi thandizo limene mungalikwanitse. Mungawalimire munda ndi ng'ombe zanu, kapena kuwapatsa thumba limodzi la feteleza osayembekeza kuti libwerere. Mungakhalenso nawo pansi n'kuŵerengera ngati malima aŵiri osamalidwa bwino sangawapindulire koposa hekita yathunthu ya nkhongole.

Amalume angakhumudwe masiku angapo. Kukhumudwa kotero kumatha, koma cidani cimene cimabadwa tsiku logulitsa ng'ombe zanu pa nkhongole ya wina cimafika mpaka kwa ana. Musanagwire colembera, dzifunseni ngati mungabweze ndalama yonseyo osakhudza cakudya ca banja, mbewu ndi ziŵeto zolimira. Ngati simungathe, musasaine.