Musanakangane za mita, yambani mwaiyesa ndi ndowa

Alimi anzanga a kuphazi kwa phiri la Mulanje, kuchokera ku Migowi mpaka ku Chiringa, madzi amene amatsika m'mapaipi kuchokera kuphiri sabwera okha. Nyengo ya mvula amatenga mchenga, ndipo paipi ikauma kenaka n'kudzazanso mumalowa mpweya. Mchenga umalemetsa kagudumu ka m'kati mwa mita, ndiye imawerenga madzi ochepa. Mpweya umakazunguza mwaliwiro, ndiye imawerenga madzi amene simunalandire. Maganizo anga ndi akuti kalabu iliyonse yogawana kapena kulipira madzi ndi mita iziyesa mitayo yokha ndi ndowa, koma idziwenso pamene ndowa imalekezera.

Yambani ndi ndowayo. Ndowa yomwe timaitcha ya malita 20 siikhala ya malita 20 enieni ikadzaza mpaka pakamwa. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, choncho ikani ndowa pasikelo, chotserani kulemera kwake, thirani madzi mpaka akwane makilogalamu 20, ndipo lembani mzere pomwe afika.

Tsegulani madzi monga mumatsegulira pothirira, muwasiye ayende mphindi zingapo kuti mpweya utuluke. Mmodzi alowetse ndowa, wina ayambitse wotchi ya pafoni nthawi yomweyo, aimitse madzi akafika pamzere. Chitani katatu. Tinene kuti mwapeza masekondi 39, 40 ndi 41. Pakati pake ndi 40, kutanthauza theka la lita pasekondi, kapena malita 30 pamphindi. Tsopano werengani mita, madzi ayende mphindi 10 osakhudza mpope, muwerengenso. Pa mita zambiri manambala akuda ndi makiyubiki mita, imodzi kukhala malita 1,000, ndipo ofiira ndi malita. Ndowa ikuti padutsa malita 300. Ngati mita yawonjezera 330, yapitirira ndi 30 pa 300, omwe ndi 10 peresenti.

Musathamangire kwa mlembi wa sikimu musanadzifunse kuti ndowayo ingaphonye ndi zingati. Madzi amagavira, diso likhoza kuphonya mzere ndi theka la lita, ndipo theka la lita pa 20 ndi 2.5 peresenti. Chala chikhoza kuchedwa ndi theka la sekondi, lomwe pa masekondi 40 ndi 1.25 peresenti. Kuphatikiza ziwirizi ndi pafupifupi 4 peresenti. Ndiye kunama kwa mita ija kuli pakati pa 6 ndi 14 peresenti, ndipo mlandu ulipodi: pa K10,000 iliyonse, pafupifupi K900 ndi ya madzi amene sanafike m'dimba. Koma ikanawonetsa malita 309, kusiyana kwa 3 peresenti kukanabisala m'kuphonya kwa ndowa, ndipo simukanakhala ndi umboni.

Ndowa imagonja pa paipi yaikulu. Ikadzaza m'masekondi anayi okha, theka la sekondi lija limasanduka 12.5 peresenti, kuposa vuto lomwe mukulisaka. Pamenepo gwiritsani ntchito diramu ya malita 200 yoyesedwa bwino, kuti kudzaza kutenge masekondi 30 kapena kuposa. Samalaninso ndi madzi otsika okha kuphiri: anzanu akumtunda akatsegula mipope m'mphindi 10 zija, mphamvu ya madzi imasintha. N'chifukwa chake muyenera kubwerezanso kuyesa ndowa pomaliza. Nthawi ikasiyana kwambiri ndi yoyamba, yambiraninso.

Njira yachiwiri ndi masita mita, mita yoyesedwa kale yomwe ntchito yake ndi kuyesa zinzake. Amailumikiza pa paipi yomweyo kutsogolo kwa mita yanu, pamalo owongoka osati pafupi ndi chigongono, kuti madzi omwewo adutse m'mita zonse ziwiri. Apa wotchi siifunika, ndipo mphamvu ya madzi ikasintha zonse ziwiri zimaona chimodzimodzi. Pakati pake pasadonthe ngakhale pang'ono. Masita mita ikawerenga malita 1,000 pamene yanu yawerenga 1,090, kusiyana ndi 9 peresenti, zomwe zikugwirizana ndi zimene ndowa inanena. Koma funsani chikalata chosonyeza tsiku limene nayo inayesedwa. Kuno kwathu za miyeso zimayang'aniridwa ndi bungwe la Malawi Bureau of Standards. Masita mita yopanda chikalata ndi mita wamba basi.

Masita mita siipezeka pamudzi, ndipo kuiitanitsa n'kodula. Choncho yesani ndi ndowa mvula ikangotha, ulimi wamthirira usanayambe, komanso nthawi iliyonse paipi ikakonzedwa. Lembani tsiku, masekondi ndi manambala a mita m'kabuku ka kalabu, mboni ziwiri zisainire. Kusiyana kukakhala m'kati mwa 4 peresenti, isiyeni mitayo. Kukapitirira, tsukani sefa ya mita, mutulutse mpweya, muyesenso. Kukapitirirabe, tengani kabukuko kwa mlangizi wa zamthirira kapena eni mitayo, mukapemphe masita mita.