Denga la khitchini silinali m'pangano

Ana anga amisiri a kuno ku Mambwe, inu ofolera madenga m'makampu a alendo a ku South Luangwa, khalani pansi ndikuuzeni. Mvula ikatha mu Epulo, madzi a Luangwa akamaphwera, eni makampu amathamanga kuti alendo a mu Juni apeze zonse zili m'malo. Mumapangana kufolera zipinda zitatu. Muli pamwamba pa chachiwiri, manijala amaloza chala: "Mukatha apo, mukonzenso khitchini." Inu mumangoti chabwino bwana, poopa kuti chaka chamawa sadzakuitanani. Manyazi adapha lambe. Udzu wowonjezerawo, luzi, nsima ya anyamata anu, zonse zidzatuluka m'thumba mwanu, ndipo zimandiwawa kuona mmisiri waluso akubwerera ku Jumbe chimanjamanja.

Musakane pakamwa pamaso pa antchito a manijala, mungamuchititse manyazi. Kukana nsalu ya akulu n'kuviika. Nenani kuti mwamva ndipo muyankha madzulo. Tsiku lomwelo, musanagule ngakhale mtolo umodzi, lembani imelo pansi pa ija imene munatumizirana pangano, kuti mawu akale azionekera pomwepo. Tiyerekeze kuti zipinda zitatu munagwirizana K18,000:

"A Manijala, zikomo potikhulupirira pa denga la khitchini. Pangano lathu ndi la zipinda zitatu pa K18,000, kutsiriza pa 20 Meyi. Khitchini simo. Tingathe kuifolera ngati ntchito yowonjezera pa K5,000, kuphatikizapo udzu ndi luzi. Idzatenga masiku anayi, choncho zonse zidzatha pa 24 Meyi. Mukavomera poyankha imeloyi ndi kupereka theka la ndalamayo, tiitanitsa udzu. Ngati ayi, tipitiriza ndi zipinda zitatu monga tinapanganira."

Onani kuti mulibe kudandaula, mulibenso kupepesa kosatha. Ambiri mumakumbukira mtengo n'kuiwala tsiku. Pamenepo ndi pamene pamabuka mlandu: ndege ikatera pa Mfuwe ndi alendo, chipinda chachitatu chili chosafolera, palibe adzakumbukire kuti munachedwa chifukwa cha khitchini. Adzangoti mmisiri uja ndi waulesi. Wolira mvula walira matope. Amene wafuna denga lachinayi adziwiretu kuti wafunanso masiku anayi. Nalo theka lija musalinyoze, pakuti fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Koma nanunso khalani oona. Denga limene mwafolera nokha likadontha, kulikonza si ntchito yowonjezera, ndi ngongole yanu. Ndipo ngati pangano linangoti "kufolera kampu" osatchula zipinda, manijala ali ndi poimira. Pamenepo vomerani kuti mawu anali osamveka, mupemphe kuti iye agule udzu, inu muikepo manja. Pangano la chaka chamawa mudzalembe chipinda chilichonse ndi dzina lake.