Kotesheni ya mmisiri iwerengedwe ndi tepi m'manja

Mwini nyumba amene amangothamangira kuona ndalama zonse pamunsi pa kotesheni amadzibera yekha. Nkhani yagona pa kuchuluka kwa katundu. Mabuloko a simenti a masentimita 40 mulitali ndi 20 msinkhu amalowa 12 ndi theka pa sikweya mita imodzi. Choncho khoma la mamita 10 mulitali ndi 3 msinkhu limadya mabuloko 375. Kuwonjezerapo osweka, 400 akwana. Mmisiri akalemba 500, afotokoze komwe 100 enawo akupita.

Komabe kotesheni yotchipa ndiyo yoopsa kwambiri. Ikangotchula mabuloko ndi simenti, osanenapo za mchenga, madzi ndi galimoto yotutira, ndalamazo zidzafunikabe khoma litafika pawindo, nthawi imene kusintha mmisiri kumakhala kovuta.