Chenjezo kwa ophunzira ndi onse a malaputopu: musamangodina Next osawerenga

Ngati muli ndi laputopu ndipo mumakonda kutenga mapulogalamu aulere pa intaneti kapena pa fulashi ya mnzanu, werengani izi musanaike pulogalamu ina. Mapulogalamu ambiri aulere amabwera atanyamula anzawo omwe inu simunawapemphe. Odziwika kwambiri ndi matuluba, mizere ya timabatani ndi kabokosi kofufuzira imene imadzikhomera pamwamba pa bulawuza. Zinthuzi sizilowa mwakuba. Zimakupemphani chilolezo pa tsamba lachitatu kapena lachinayi la kuika pulogalamu, pamene dzanja lazolowera kale kudina Next, ndipo mumazilola nokha.

Mvetserani momwe zimayendera. Mtsikana wina wophunzira pa sukulu yaukachenjede ku Chichiri, wochita lendi ku Chitawira, anali ndi laputopu yakale yomwe makolo ake anamugulira ku Limbe. Usiku wina anafuna kusintha fayilo ya PDF kuti ikhale ya Word, popeza asayimenti inkafunika m'mawa mwake. Analemba pa Google kuti akufuna pulogalamu yaulere yochitira zimenezo, nadina zotsatira zoyamba osaona kuti pambali pake panalembedwa Sponsored, kutanthauza kuti wina analipira kuti akhale pamwambapo. Tsamba lomwe linatseguka linali ndi mabatani obiriwira angapo olembedwa Download. Iye anadina lalikulu kwambiri.

Fayilo inabwera msanga chifukwa inali yaing'ono, ndipo anasangalala kuti bandulo yapulumuka. Koma kuchepako n'kumene kunali chizindikiro choyamba. Sinali pulogalamu yomwe ankaifuna ayi, kanali kapulogalamu kokatenga zinthu zina pa intaneti, ndipo ntchito yake yeniyeni inali kumuonetsa malonda kaye. Tsamba loyamba linamulonjera, iye Next. Lachiwiri linali pangano la pulogalamuyo, iye Accept. Lachitatu linamufunsa kuti asankhe pakati pa Express (Recommended) ndi Custom (Advanced), ndipo loyambalo linali losankhidwa kale. Ndani angafune kudzitcha katswiri pakati pa usiku? Anadina Next. Masamba awiri otsatira ankaoneka ngati pangano lija, zilembo zing'onozing'ono zomwezo, batani la Accept lowala kudzanja lamanja, pomwe Decline linali lotuwa kumanzere ngati lakufa. Anavomera onse awiri. Masamba amenewo anali mapangano a mapulogalamu ena, a makampani ena.

Asayimenti anapereka. Koma kutacha, atatsegula Chrome, tsamba loyamba silinali lomwe analizolowera. Pamwamba panali mzere woonetsa nyengo, wina wa malonda otsika mtengo, wina wa kabokosi kofufuzira kachilendo. Akalemba funso, adiresi inkadumpha kawiri katatu isanafike pa zotsatira, ndipo theka la zotsatirazo linali malonda. Pakona ya sikirini pankatuluka uthenga wofiira wonena kuti kompyuta ili ndi mavuto mazanamazana, alipire kuti akonzedwe. Fani inkalira osapuma, batire silinkafika pomwe linkafika kale, ndipo bandulo ya sabata yonse, yomwe ankailumikiza kuchokera pa foni, inatha sabata isanafike pakati.

Anapita nayo kwa wokonza makompyuta m'tauni. "Achimwene, yalowa vayirasi. Mungoifufuta yonse muikenso Windows," anatero.

Wokonzayo anatsegula mndandanda wa mapulogalamu, nausanja potsata tsiku. "Achemwali, Lachiwiri lapitali munaika chiyani?"

"Kamodzi kokha, ka PDF."

"Taonani apa. Tsiku limenelo palowa zinthu zisanu ndi chimodzi. Kanu ndi aka. Zisanu zinazi munazivomera nokha."

Wina angafunse kuti nanga antivayirasi inali kuti. Mapulogalamu otere amakhala m'malire, ndipo opanga zotetezera amawatcha PUA kapena PUP, kutanthauza mapulogalamu omwe mwina mwini kompyuta sakuwafuna. Eni ake ndi makampani olembetsedwa, okhala ndi maloya, ndipo akafunsidwa amaloza tsamba lija lomwe munadina Accept. N'chifukwa chake zotetezera zina zimangowasiya kapena kungochenjeza pang'ono. Kumbuyo kwake kuli ndalama. Wopanga pulogalamu yaulere, kapena mwini tsamba lodawunilodera, amalipidwa pa kompyuta iliyonse yomwe yalandira katundu woonjezerayo. Mu 2016 akatswiri a Google pamodzi ndi a New York University anafufuza msika umenewu ndipo anapeza kuti mtengo unkafika dola imodzi ndi theka pa kompyuta ya ku Amereka, m'maiko osauka n'kumatsika kwambiri. Wa tulubayo amabweza ndalama zake polanda kufufuza kwanu: funso lililonse lomwe mwalemba limadzera kwa iye, amaona zomwe mukufuna, n'kukuikirani malonda.

Musaganize kuti izi zimachitika m'masamba obisika okha. Kwa zaka zambiri Java, yomwe mwini wake ndi Oracle, inkabwera ndi Ask Toolbar, kabokosi kake katachongedwa kale. Mu 2011 Gordon Lyon, mlembi wa pulogalamu ya Nmap, anadandaula poyera kuti tsamba la Download.com lakuta pulogalamu yake ndi kokatenga zinthu koika tuluba. Mu 2015 SourceForge inachita zofananazo ndi GIMP ya pa Windows popanda chilolezo cha opanga ake, ndipo chaka chomwecho ogwiritsa ntchito uTorrent anapeza kuti alandira Epic Scale, pulogalamu yomwe inkagwiritsa ntchito mphamvu ya kompyuta zawo kukumba ndalama za pa intaneti. Amene anagwiritsapo ntchito makompyuta a m'makafe a intaneti a mu Blantyre ndi Limbe zaka zimenezo akukumbukira Babylon, Conduit ndi MyWebSearch zitasanjikana pa Internet Explorer mpaka tsamba lenileni kutsala kachidutswa kumunsi. Microsoft inapumitsa Internet Explorer mu 2022, ndipo Chrome ndi Edge salola mizere ya mtundu wakalewo, koma malondawo sanafe. Lero amabwera ngati zoonjezera za mu bulawuza, ngati mzere wokhala pamwamba pa sikirini yonse, kapena ngati bulawuza yathunthu yofanana ndi Chrome yomwe imadziika kukhala yotsegulira zonse.

Apa ndi pomwe nkhaniyi imasiya kukhala yongotopetsa. Choonjezera cha mu bulawuza chikapatsidwa chilolezo cholembedwa Read and change all your data on all websites, chimatha kuona ndi kusintha tsamba lililonse lomwe mwatsegula. Mmenemo muli imelo yanu, potolo ya kusukulu komwe mumaonera zotsatira za mayeso, ndi tsamba la banki ngati mumalipirira fizi pa laputopu. Si chilichonse chimene chimaba, koma inu mulibe njira yodziwira kuti chanucho n'chotani, ndipo mwini wake angathe kuchigulitsa kwa munthu wina mawa.

Kupewa n'kosavuta, kungofuna maso. Tengani pulogalamu pa tsamba la mwini wake: VLC pa videolan.org, 7-Zip pa 7-zip.org, LibreOffice pa libreoffice.org. Poika, sankhani Custom kapena Advanced nthawi zonse. Simufunika ukatswiri, kusankhako kumangovundukula timabokosi tomwe Express amabisa. Pa tsamba lililonse yang'anani dzina lomwe lili pamwamba. Ngati si dzina la pulogalamu yomwe mukuifuna, dinani Decline kapena Skip ngakhale batanilo likuoneka lakufa, ndipo yanuyo ipitirira kulowa. Ikakana kulowa popanda anzakewo, itayeni. Ndipo funsani kaye ngati mukufunikiradi pulogalamu: mtsikana uja sankadziwa kuti Word, kuyambira ya 2013, imatsegula PDF n'kuisandutsa yokha, ngakhale kuti matebulo ndi zithunzi nthawi zina zimasokonekera.

Ngati zalowa kale, musathamangire kufufuta Windows, ndipo musadawunilode chokonzera chomwe uthenga wofiira uja ukukulozerani, chifukwa n'cha banja lomwelo. Chofunika ndi ndondomeko yake. Ambiri amayamba ndi kuchotsa tuluba mu bulawuza, mawa lake n'kuipeza yabwerera, chifukwa pulogalamu yomwe imaibwezeretsa ikadali mu Windows. Yambani ndi pulogalamuyo. Dinani batani la Windows pamodzi ndi R, mulembe:

```
appwiz.cpl
```

Dinani pamutu wa Installed On kuti zisanjike potsata tsiku, monga anachitira wokonza uja, ndipo chotsani zachilendo zonse za tsiku lomwe vuto linayamba. Siyani za Microsoft Visual C++ ndi madalaivala a Intel, Realtek kapena kampani ya laputopu yanu. Werenganinso masamba ochotsera, popeza ena amaika batani la Keep pamalo pomwe dzanja likuyembekezera Next. Mukamaliza zimitsani laputopu n'kuiyatsanso, kenako mu Chrome lembani izi pamalo a adiresi, chimodzi chimodzi:

```
chrome://extensions
chrome://settings/reset
chrome://policy
```

Pa loyamba chotsani choonjezera chilichonse chomwe simunaike dala. Pa lachiwiri bwezerani makonzedwe a poyamba. Mabukumaki ndi mapasiwedi osungidwa satayika. Lachitatu n'lofunika mukaona mawu akuti Managed by your organization pa laputopu yomwe ndi yanuyanu, osati ya kuntchito kapena ya sukulu. Nthawi zina ndi antivayirasi yanu yomwe yaika mawuwo, koma mukapeza pa tsambalo dzina ExtensionInstallForcelist, ndiye kuti pali pulogalamu yomwe yakhomerera choonjezera kuti batani la Remove lisagwire. Zikatero pitani kwa wokonza, chifukwa kuzichotsa kumafuna kulowa mu Registry, momwe kulakwitsa pang'ono kumaononga zambiri. Mu Edge malamulo ndi omwewo, mungosintha chrome kukhala edge.

Pali malo ena awiri obisalamo. Dinani kumanja pa kachizindikiro ka Chrome pa desikitopu, musankhe Properties, muone bokosi la Target. Liyenera kuthera pa chrome.exe, ngati patsogolo pake pali adiresi ya tsamba lachilendo, ifufuteni. Kenako tsegulani Task Scheduler muone ngati pali ntchito yokhala ndi dzina la pulogalamu yomwe mwachotsa ija. Pomaliza yendetsani AdwCleaner, yaulere, yochokera pa tsamba la Malwarebytes, ndipo mu Windows Security, pansi pa App & browser control ndi Reputation-based protection settings, onetsetsani kuti Potentially unwanted app blocking ndi yoyatsa.

Sinthani mapasiwedi a imelo, potolo ndi banki pogwiritsa ntchito foni kapena kompyuta ina yoyera, kuyambira ndi imelo chifukwa ndiyo imatsegula zina zonse. Njira zonsezi zili ndi malire. Ngati chomwe munaika chinali Office kapena AutoCAD yothyoledwa, ija yomwe amakuuzani kuti muzimitse kaye Windows Defender kuti ilowe, musadalire kuyeretsa kotereku, chifukwa m'zimenezo mumabisala mapulogalamu akuba mapasiwedi omwe saoneka pa mndandanda wa appwiz.cpl. Koperani zolemba ndi zithunzi zanu pa fulashi, musiye mafayilo onse othera ndi .exe, ndipo Windows iikidwenso kuchokera pachiyambi.