Inshuwalansi imawerenga mipando, daladala imanyamula anthu

Ndikatuluka m'nyumba m'mawa kuno ku Upanga, phokoso loyamba kundilonjera ndi la makondakitala a pa siteji ya Muhimbili. Pamenepa m'pamene minibasi zambiri za mu Dar es Salaam, zomwe eni dziko amati daladala, zimatsitsa anthu odzaona odwala. Kuseri kwa mpanda wa chipatala cha Muhimbili kuli chipatala cha mafupa cha MOI, kumene amagonekako anthu othyoka pangozi za pamsewu. Ndiye daladala imodzimodziyo ikhoza kukufikitsa pachipatala uli wodzazonda matenda, ikhozanso kukufikitsa uli pamachira.

Sabata yatha anandipeza msuweni wanga wina yemwe wakhala zaka zingapo akugula katundu ku Kariakoo n'kumakagulitsa ku Lilongwe. Tsopano wagwirizana ndi mlamu wake wa konkuno, agula Toyota Coaster yogwirapo kale ntchito ya mipando 28, ndipo akufuna iziyenda njira yothera pa Muhimbili. Anabwera ndi kapepala komwe ejenti wa inshuwalansi anamulembera mitengo iwiri.

"Achimwene, taonani apa," anatero. "Galimoto ndi yomweyo, koma mitengo iwiri. Nanga ndilipirirenji wokwerawo?"

Pa kapepalako masamu anali otere. Ikalembedwa kuti ndi daladala ya mu mzinda, mpando uliwonse ndi mashilingi 15,000 pachaka. Mipando 28 ndi 420,000, kuwonjezapo msonkho wa VAT wa 18 pa 100 uliwonse, zonse pamodzi 495,600. Ikalembedwa kuti ndi basi yonyamula antchito a pakampani, osalipiritsa, mpando ndi 10,000, ndipo zonse pamodzi ndi msonkho zikukwana 330,400. Kusiyana kwake ndi 165,200. Ejentiyo, akuti, anamunong'oneza kuti wapolisi wapamsewu amangofuna kuona ngati inshuwalansi ilipo, za mtundu wake safunsa.

Ndinamuuza kuti agawe 165,200 ija ndi masiku a chaka. Zinatuluka mashilingi 453 patsiku, ndalama yosakwana ngakhale kulipirira munthu mmodzi ulendo umodzi. Imeneyo ndiyo ndalama yomwe ankafuna kupulumutsa, ndipo chomwe ankaika pachiswe ndi Coaster yonse, mwinanso ndi nyumba yake ya ku Area 25.

Mwini basi akagula inshuwalansi yomwe timaitcha thedi pate, sagula chitetezo cha galimoto yake. Amagula lonjezo lakuti akadzapezeka ndi mlandu wovulaza kapena kupha munthu wina, kampani idzamulipirira chipukuta misozi. Funso lagona pakuti munthu winayo ndani. Woyenda pansi amene wagundidwa pa msewu wa United Nations ali m'gulumo popanda mkangano. Koma munthu yemwe wakhala m'kati mwa galimoto ali ndi nkhani yakeyake. Lamulo la Tanzania lokhudza inshuwalansi ya magalimoto, lomwe amalitchula kuti Chaputala 169, linatengera malamulo akale a ku Britain, ndipo limakakamiza kuti okwera atetezedwe makamaka pamene galimotoyo ikunyamula anthu molipiritsa. N'chifukwa chake mtengo wa daladala amauwerengera pa mpando. Kampani ikuyesa kuchuluka kwa anthu omwe angadzaifunse ndalama tsiku limodzi, pangozi imodzi.

Papepala la inshuwalansi pamakhala chiganizo chofotokoza ntchito yomwe galimoto yaloledwa kugwira. Anthu ambiri sachiwerenga, koma kampani imayambira pomwepo ngozi ikachitika. Ngati palembedwa kuti galimoto ndi yonyamula antchito, kapena ndi ya pakhomo, ndipo kenako zapezeka kuti inali ndi kondakitala akutolera ndalama, kampani imanena kuti ulendo umenewo sunali m'pangano. Ikhozanso kunena kuti munainamiza pogula, ndipo ikapempha khoti kuti liimasule ku panganolo. Kupeza umboni wake sikovuta. Daladala imalembedwa njira yake kutsogolo ndi zilembo zazikulu, ili ndi mzere wa mtundu wa njirayo m'mbali, ili ndi nambala yoyera ya magalimoto a malonda m'malo mwa yachikasu, ndiponso ili m'kaundula wa LATRA, bungwe lomwe linalowa m'malo mwa SUMATRA mu 2019 ndipo limapereka ziphaso za njira. Wofufuza wa kampani safunika kuvutika. Amangojambula galimotoyo pomwe yagona pa polisi.

Ngakhale mwini basi atalemba zoona zokhazokha, mavuto satha, chifukwa daladala ya papepala ndi daladala ya pamsewu ndi magalimoto awiri osiyana. Ya papepala ili ndi anthu 28 atakhala bwinobwino. Ya pamsewu, nthawi ya 5 koloko madzulo ikunyamuka pa Muhimbili, ili ndi 28 okhala pansi ndi khumi ndi angapo oimirira, wina phazi limodzi lili pakhomo. Kwathu timakangana za kukhala anayi pa mpando wa anthu atatu, kuno amaimirira ngati chimanga m'munda. M'chaka cha 2020, matenda a korona atafika, boma linalamula kuti aliyense azikhala pampando, ndipo kwa kanthawi kochepa magalimoto awiri aja anafanana. Lamulolo litangozilala, zinabwerera mwakale.

Ndinamuuza msuweni wanga kuti tiyerekeze Coaster yakeyo yanyamula anthu 41, ndipo ikukhota kulowa msewu wa Morogoro yaombana ndi lole, dalaivala wake ndiye wolakwa. Ovulala ndi asanu ndi anayi, anayi mwa iwo anali oimirira. Aliyense wa asanu ndi anayiwo ali ndi mlandu ndi mwini basi, woimirira ndi wokhala chimodzimodzi, pakuti onse analipira ndipo onse anavulala ndi kusasamala kwa dalaivala wake. Koma kampani inalandira ndalama za mipando 28, ndipo m'pangano muli mawu akuti galimoto isanyamule kupyola chiwerengero chololedwa. Chomwe chidzachitike chimadalira mawu enieni a panganolo. Kampani ikhoza kulipira ovulalawo chifukwa lamulo limateteza munthu wosalakwa, kenako n'kutembenukira kwa mwini basi kuti aibwezere. Ikhoza kulipira ena n'kukana ena. Ikhozanso kukana kaye onse, nkhani n'kukagona kukhoti zaka. Pa njira zitatuzi palibe yomwe mwini basi amatuluka osapsa, ndipo ngati anagula inshuwalansi yaikulu yoteteza galimoto yakeyo, kudzaza mopyola muyeso n'chifukwa chokwanira choti kampani ikanire kumukonzera.

Apa msuweni wanga anadziteteza. "Koma achimwene, ine sindidzakhala m'galimotomo. Wodzaza anthu ndi dalaivala."

N'zoona, koma amene amamukankha dalaivalayo ndi mwini basi. Kuno daladala zambiri zimayenda pa dongosolo lomwe amati hesabu. Dalaivala ndi kondakitala amapereka ndalama yoikika kwa bwana madzulo alionse, amathira okha mafuta, ndipo chotsala ndiye malipiro awo. Munthu amene chakudya cha ana ake chili m'chotsalacho sangasiye wokwera pa siteji chifukwa choti mipando yatha. Ine ndimaona kuti si chilungamo kuti mwini basi aike hesabu yomwe singakwane popanda oimirira, kenako ngozi ikachitika azidabwa ngati kuti wamva lero.

Dongosolo lomwelo limabala munthu wina yemwe makampani a inshuwalansi amamudziwa bwino, wotchedwa deiwaka. Ameneyu ndi dalaivala waganyu. Dalaivala weniweni wayamba ntchito 4 koloko m'bandakucha, masana watopa, ndiye amapereka makiyi kwa mnyamata wa pa siteji kuti ayendetseko maulendo awiri. Pangano la inshuwalansi limanena kuti woyendetsa akhale ndi chilolezo cha mwini wake komanso laisensi yoyenera, ndipo kuno yonyamulira anthu ndi ya gulu C. Deiwaka kawirikawiri alibe chilolezocho, mwina alibenso laisensiyo, ndipo ngozi ikachitika iye ndiye woyamba kuthawa. Palinso kupereka basi pa hayala Lamlungu kuti ikanyamule anthu a maliro ku Chalinze kapena a ukwati ku Bagamoyo. Mtengo uja wa 15,000 unali wa daladala ya mu mzinda. Ulendo wotuluka m'njira yake umafuna chilolezo chapadera cha LATRA, ndipo ndi nzeru kuuza kampani ya inshuwalansi mwa kalata musananyamuke.

Anthu awiri omwe amathera tsiku lonse m'galimotomo, dalaivala ndi kondakitala, ndi omwe thedi pate imawadumpha. Iwo ndi antchito, sali m'gulu la okwera. Akavulala, njira yawo ndi thumba la boma la chipukuta misozi cha antchito, WCF, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2015, ndipo limafuna kuti bwana akhale atawalembetsa. Pa hesabu, pomwe kalata ya ntchito imasowa, kondakitala wogwa pakhomo amatsala yekha ndi abale ake.

Kwa ife okwera, makamaka Amalawi omwe timabwera kudzagula katundu n'kubwerera patatha sabata, chofunika ndi kusiya umboni tisanachoke. Tikiti ya daladala, ngati wakupatsani, isungeni. Lembani nambala ya galimoto. Uzani apolisi kuti dzina lanu lilowe pa mndandanda wa ovulala, ndipo tengani fomu yawo ya PF3 kuti dokotala alembepo za kuvulala kwanu. Malisiti a chipatala asatayike. Kampani ikamazengereza, pali ofesi ya mkhalapakati wa madandaulo a inshuwalansi, yomwe inakhazikitsidwa pansi pa lamulo la inshuwalansi la 2009, lomwelo limene limapatsa mphamvu bungwe loyang'anira inshuwalansi la TIRA. Munthu amene wakwera basi ya ku Songwe mawa lake, bandeji ili kumutu, pepala lililonse alibe, zimadzamuvuta kwambiri kutsimikiza kuti anali m'galimotomo.

Kale anthu ankakhulupirira sitika ya pagalasi, ndipo zabodza zinali mbwee. Kuyambira 2021 sitika ndi za pa makina, ndipo aliyense akhoza kulowetsa nambala ya galimoto pa TIRA MIS n'kuona ngati inshuwalansi ilipo, ndi ya kampani iti, ndipo itha liti. Komabe makinawo sakuuzani zomwe zalembedwa m'pangano lonse. Ndinamuuza msuweni wanga kuti asapereke ndalama m'manja mwa ejenti popanda lisiti la kampani, ndiponso kuti aumirire kupatsidwa pangano lenilenilo n'kuonamo zinthu zitatu: kuti palembedwa kunyamula anthu molipiritsa, kuti mipando ndi 28 monga zilili pa khadi la galimoto, ndi malire a ndalama zomwe kampani ingalipire munthu mmodzi komanso ngozi imodzi. Chipukuta misozi chikapyola malirewo, chotsalacho chimachokera m'thumba mwake.

Anapinda kapepala kaja n'kukaika m'thumba la malaya. Ndinamuperekeza mpaka pa siteji, kumene tinadikira daladala ziwiri zodzaza kuti zidutse. Yachitatu nayo inabwera yodzaza, ndipo iye anakwera, n'kuimirira pafupi ndi khomo, dzanja limodzi litagwira chitsulo cha kudenga.