Maluwa Amene Safota, Koma Amadya Malo

Aliyense amene analowapo m'nyumba za m'malaini a antchito pa minda ya tiyi ku Thyolo akudziwa kukula kwake: chipinda chimodzi kapena ziwiri, kakhonde, ndi kakhitchini kuseri. M'menemo mugona bambo, mayi ndi ana, mukhalanso thumba la chimanga, ndowa, mbaula ndi njinga. Tsono ife tikufunsa inu awerengi: kodi m'nyumba yotere, malo osungira katoni ya maluwa apulasitiki, maliboni ndi nsalu zonyezimira za ukwati umene unatha zaka zitatu zapitazo akuchokera kuti? Komabe katoniyo ilimo. Ili pansi pa bedi, ndipo mphemvu zinaikiramo kale mazira.

Mlandu wathu suli ndi chikondwerero. Mwana akamakwatiwa, pakhomo payenera kuoneka kuti pali ukwati, ndipo munthu wodutsa pa msewu wa ku Makwasa azidziwa asanafunse. Mlandu wathu uli ndi chizolowezi chimene chamera pakati pathu, chakuti kukongoletsa ndiko kugula. Komiti ya ukwati ikangokhala pansi, mawu oyamba ndi akuti "kalala wathu ndi uti?", ndipo achiwiri ndi akuti "apite ndani ku Limbe?" Palibe woimirira kufunsa kuti zogulazo zidzapita kuti Lolemba, alendo atabalalika.

Taonani nyengo imene maukwati ambiri amachitikira. Ndi m'chilimwe, kuyambira Ogasiti kufikira Novembala, pamene misewu yauma. Koma tiyi amaphuka kwambiri ndi mvula, kuyambira Disembala mpaka Epulo, ndipo m'miyezi imeneyo ndimo wothyola amadzaza dengu ndi kuona ndalama. M'chilimwe masamba achepa, ndipo antchito ambiri a nyengo amakhala ataimitsidwa. Kotero ndalama ya maluwa apulasitiki kawirikawiri sichokera m'thumba. Ichokera kwa wakatapila. Banja likubweza ngongole pamodzi ndi chiwongoladzanja chake, pamene zimene linagula zikuchita chuku pansi pa bedi, pakuti Thyolo ndi dziko la nkhungu ndi chiperoni, ndipo nsalu yopindidwa m'nyumba yachinyontho siona Juni kawiri isanade mawanga. Wonjezerani apo kuti nyumbayo ndi ya esiteti. Tsiku limene ntchito idzatha, banja lidzasenza katundu wake kunka kumudzi, ndipo katoni ija idzatayidwa m'ngalande kapena kutenthedwa kuseri kwa laini, ana akupuma utsi wake.

Boma linaletsa mapulasitiki opyapyala m'chaka cha 2015, ndipo Bwalo Lalikulu la Apilo linagwirizana ndi chiletsocho m'chaka cha 2019. M'chaka chomwecho cha 2015 Papa Fransisko, m'kalata yake ya Laudato Si', anadzudzula mtima wogula chinthu lero n'kuchitaya mawa. Ife timaombera m'manja kalatayo ikamafotokozedwa m'tchalitchi, koma Loweruka lotsatira timamanga mabaluni pa mtengo wa mango. Akaphulika, zidutswa zake amatola ndi nkhuku, mbuzi ndi ana okwawa.

Tamva yankho la anzathu, ndipo sitilipeputsa. Iwo amati: "Mukufuna kuti akuchimuna adzatiseke. Adzati kuno n'kwa amphawi, anakongoletsa ndi masamba." Manyazi amenewa ndi enieni, ndipo mayi amene wathyola tiyi zaka makumi awiri ali ndi ufulu wofuna kuti mwana wake aoneke ngati mwana wa munthu. Koma tiyankhe mosabisa: chimene chimaonetsa umphawi pa ukwati si tsamba la nthochi. Ndi khoma lakuda ndi mwaye limene apachikapo riboni wonyezimira, ndi bwalo losasesa limene aimikapo chipata cha maluwa ofumbutuka amene anatumikira kale maukwati anayi. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mlendo amayamba waona pansi ndi khoma, zopachika amaziona pambuyo.

Popeza kudzudzula kopanda njira n'kwachabe, tiyeni titenge ukwati umodzi wa m'mwezi wa Seputembala, pa nyumba ya zipinda ziwiri, alendo akudzakhala pabwalo, tiuyendetse kuyambira pachiyambi.

Ntchito iyamba ndi laimu, ndipo iyamba Lachiwiri, osati Lachisanu usiku. Ngati nyumba ndi ya esiteti, pemphani chilolezo kwa akapitawo poyamba. Laimu amanyikidwa m'madzi dzulo lake, ndipo amasungunulidwa kufikira atapyapyala ngati mkaka, osati ngati phala. Amisiri akale amathiramo kadzanja ka mchere m'ndowa kuti agwire. Pakani kawiri mopyapyala, kusiya tsiku pakati. Akakhala wonyowa amaoneka wotuwa, ndipo apa ndi pamene ambiri amalakwa: amaganiza kuti wachepa, nawonjezera ufa. Laimu wokhuthala amang'aluka ndi kusupuka, ndipo wopakidwa usiku wa Lachisanu amatsalira pa suti ya mkwati. Kuti mudziwe ngati wagwira, pukutani khoma ndi chikhato Lachinayi. Chikayera kwambiri, musaike mipando moyandikira khomalo. Khonde ndi pansi, ngati n'padothi, amayi azire Lachitatu, kuti paume pasanapondedwe. Zimenezi sizisiya katoni. Zisiya nyumba yoyera imene banja lidzakondwera nayo kufikira Khirisimasi.

Kenaka chisakasa. Cha mamita 6 m'litali ndi mamita 4 m'lifupi chifuna nsichi 6, zitatu mbali iyi ndi zitatu mbali inayo, ndi nsungwi zopingasa pamwamba. Nsichizo mubwereke kwa amene akukonzekera kumanga, muzimange ndi chingwe, osakhoma misomali, kuti zibwerere zili zamphumphu. Musalowe m'nkhalango ya bulugamu ya esiteti usiku. Mitengo imeneyo ndi nkhuni zoumitsira tiyi ku fakitale, ili ndi alonda, ndipo palibe ukwati umene uyenera kudyetsa bambo ntchito. Za ku phiri la Thyolo tisanene n'komwe, pakuti tonse tikuona m'mene nkhwangwa zinalimetera. Kumene kuli tenti ndi mipando ya parishi kapena ya hayala, tengani zimenezo. Ife sitidana ndi kulipira. Chinthu cha hayala chili ndi ubwino umodzi waukulu, wakuti mwini wake amabwera kudzachitenga.

Kumbuyo kwa akwati ndi kumene maso onse ndi zithunzi zonse zimaloza, ndipo ndi kumene ndalama zambiri zimatayikira. Pamenepa m'pofunika zitenje, ndipo zitenje zili kale m'masutikesi a amayi a mu mphakati. Chitenje chimodzi ndi mamita 2 m'litali, ndipo m'lifupi chimapitirira pang'ono mita imodzi. Mbali ya mamita 6 ifuna zitatu pa mzere umodzi. Mizere iwiri, wam'mwamba ndi wam'munsi, ifuna zitenje 6. Wonjezerani ziwiri za pa tebulo la akwati, zakwana 8. Sankhani za mtundu woyandikana, kapena musinthanitse mitundu iwiri yokha, pakuti zitenje 8 zosiyanasiyana zimaoneka ngati tsiku lochapa. Kokani chingwe cholimba, pindani m'mphepete mwa chitenje pa chingwecho, ndi kupana ndi mapegi. Lumo lisayandikire, msomali usaboole. Dzuwa likapendeka zitsitseni, chifukwa mame a kuno amagwa msanga, ndipo chitenje chatsopano chikanyowa chimatha kusukulukira pa chinzake.

Pano tichedwepo pang'ono, pakuti kubwereka kumene tikukutamaku kuli ndi minga yake. Tinaonapo amayi awiri a kwaya imodzi osalankhulana chaka chathunthu chifukwa cha chitenje chimodzi chimene chinasowa pa ukwati. Anthu ambiri amene amathamangira kugula sachita zimenezi chifukwa chonyada ayi. Amaopa milandu ya zobwereka. Mankhwala ake ndi kope ndi pensulo. Pakhale mayi mmodzi, amene sali pa moto ndiponso sali wachibale wapafupi, wolemba dzina la mwini ndi maonekedwe a chinthu chilichonse cholowa pakhomo, ndipo kansalu kolembedwa dzina kasokereredwe pa ngodya ya chitenje. Yemweyo ndiye wotsitsa, ndiye wobweza. Chikang'ambika, komiti ilipire msanga, mwini asanachite kufunsa. Mphakati umene sungathe kubwezerana zitenje 8 uli ndi nkhani yaikulu yoti ukambirane kuposa ya maluwa.

Zamasamba ndi za m'mawa wa tsikulo. Pa chipata imikani makolo awiri a nthochi, koma akhale amene anabereka kale ndipo mkoko unadulidwa, pakuti kholo lotere silidzaberekanso. Musadule lokhala ndi mimba, ndipo musazule ana a nthochi kuchokera kumudzi wina. Anthu a ku Thyolo sasowa wowauza zimene matenda a chisaka anachita ku nthochi za boma lino; matendawo amayenda ndi mbewu yodwala ndi nsabwe za pa nthochi. Mukaona phata la masamba opanikizana pamwamba, aafupi, oimirira ndi achikasu m'mphepete, lisiyeni, lisapite ku ukwati. Masamba oyala pa tebulo muwawambe pang'ono pa moto kuti afewe, apo ayi adzang'ambika mphepo ikangowomba.

Maluwa ali m'mipanda ya anansi, ndipo amapemphedwa. Boganivila amachita bwino m'chilimwe, koma akadulidwa safuna dzuwa: dulani m'bandakucha, chotsani masamba obiriwira ndi minga, ndipo mapesi alowe m'madzi nthawi yomweyo. Odulidwa Lachisanu masana amakhala atagwetsa nkhope akwati asanatuluke m'tchalitchi. Mabotolo a zakumwa asukidwe, athiridwe mchenga kufikira pakati kuti mphepo isawagwetse, kenaka madzi. Pa perekaniperekani, lichero latsopano likwanira, ndipo Lolemba lidzapeta mpunga m'nyumba ya mkwatibwi.

Wina adzati tikupha malonda a ogulitsa zokongoletsa. Ndalama siithawa m'boma, ingosintha njira. Ipita kwa woluka mphasa ndi malichero, kwa woumba mbiya, kwa telala, kwa mlimi wa pa msika wa Bvumbwe amene kabichi wake adzadyedwa ndi alendo. Ndipo tikumbuke ukwati wa ku Kana, m'mutu wachiwiri wa Yohane Woyera. Vinyo atatha, Ambuye sanatume munthu kumsika. Anagwiritsa ntchito mitsuko isanu ndi umodzi yamwala imene inali kale pakhomopo pa ntchito ina. Mlaliki sanatiuze kanthu za zopachika pa khoma, koma za vinyo wa alendo anafotokoza mwatsatanetsatane.

Lolemba m'mawa mayi wa kope uja ayendere makomo ndi zitenje 8 zochapa ndi zosita, akudula dzina lililonse pamaso pa mwini wake. Nsichi zibwerere kwa womanga, mabotolo ku golosale. Makolo a nthochi aduliridwe m'zidutswa, ayalidwe m'dimba pamodzi ndi maluwa ofota, kuti asunge chinyontho kufikira mvula yoyamba.